Laputopu ya pa golosale yakana kudzuka BIOS itasinthidwa

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, dzulo ndinaitanidwa ndi asuweni anga, ali ndi kagolosale pa msika. Laputopu yawo ndi yomwe imasunga ngongole za makasitomala ndi katundu yense amene amapikula. Loweruka inawapempha kuti isinthe BIOS, iwo nkudina kuvomera ali mkati moyeza shuga. Inamaliza bwinobwino, inazima, kuyakanso yangolemba "No bootable device". Wina anawauza kuti hadi disiki yafa, agule ina. Ndinawapeza atagwira tsaya, laputopu ili pamwamba pa thumba la ufa.

Ndinalowa ndi F2, disiki ikuoneka ndithu, dzina ndi kukula kwake. Koma Boot Mode inali pa UEFI, Secure Boot yoyatsa. Ndinadzutsa makinawo ndi fulashi ya Windows, Shift+F10, nkulemba:

```
diskpart
list disk
```

Pansi pa Gpt panalibe kanyenyezi. Ndiye kuti amene anaika Windows kalelo anaika pa MBR, ndipo BIOS yatsopanoyo inabweza zonse pa za kufakitale, pa UEFI yomwe siidzutsa Windows ya pa MBR. Ndinazimitsa Secure Boot, kuika Legacy, F10, yadzuka, ngongole zonse zilipo. Funso langa: ndiisiye choncho?

Wa ku Kasungu: Magetsi akathima ili mkati mosintha BIOS nthawi zina palibe kuchitira mwina, chotsa chipu ulembenso ndi kachipangizo ka CH341A. Ndinachita yotero mwezi watha, inanditengera tsiku lonse.

Wa ku Ndirande: Ayi achimwene, magetsi sanathime. Yanuyo sikirini inali bii, iyi imalemba mawu.

Mayi wa ku Zomba: Wachita bwino osathamangira kufomata. Koma ukaisiya pa Legacy, tsiku lina BIOS ikadzasinthidwanso, kapena kabatire ka CMOS kakadzatha, asuweni akowo adzakuimbiranso. Yamba wakopera mafayilo awo pa fulashi, kenako tsegula cmd ngati Administrator usinthe disikiyo kuchoka pa MBR kupita pa GPT:

```
mbr2gpt /validate /allowFullOS
mbr2gpt /convert /allowFullOS
```

Yoyambayo ikakana usapitirize. Kawirikawiri imakana ngati disiki inagawidwa zigawo zoposa 3, chifukwa imafuna malo oikapo chigawo cha EFI. Ikatheka, bwerera mu BIOS uike UEFI, apo ayi siidzukanso ndipo udzaganiza kuti waononga.

Wa ku Mzuzu: Ine ndikanangosintha SATA kuika AHCI basi, vuto limakhala lomwelo nthawi zonse.

Mayi wa ku Zomba: Limachitika, koma likakhala limenelo Windows imayamba kudzuka kaye kenako nkugwa ndi INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE pa sikirini ya buluu. Iyi sinafike nkomwe pamenepo.

Wa ku Kasungu: Ine chinthu chikugwira ntchito sindichigwiragwira. Makina a mu golosale, ukaononga ndi mbr2gpt yakoyo ngongole za anthu ulipira ndiwe?

Wa ku Ndirande: Mafayilo ndakopera kale. Disikiyo ili ndi zigawo 4, china chinalembedwa NYIMBO, ndipo asuweni akuti chimenecho ndisachikhudze. Ndipitanso Lamlungu akatseka, tikakambirane.