Funso: chifukwa chiyani tan ikakhala x² + a²?

Muli bwanji nonse, ndikulemba ndili ku Kasungu.

Ndakakamira pa ∫ dx/√(x² + 9). Ndinayesa u = x² + 9, koma du = 2x dx ikufuna x pamwamba, ndipo palibe. Nditaika x = 3 sin θ ndinapeza 9(sin²θ + 1), imene sifupika.

Mnzanga akuti ndiike x = 3 tan θ. Zikuyendadi, chifukwa 1 + tan²θ = sec²θ: pansi pamatsala 3 sec θ, dx = 3 sec²θ dθ, zonse n'kukhala ∫ sec θ dθ. Koma kungoloweza sindikufuna.

Kodi timasankha tan chifukwa imatha kutenga nambala iliyonse monga x, pamene sin sipitirira 1? Nanga n'chiyani chimatilola kulemba sec θ m'malo mwa |sec θ|? Ndithandizeni chonde.