Mbalame ikatera pauta siilasika: kochi wathu amatanthauza chiyani?

Wa ku Mayfair: Abale ndithandizeni. Sande tinali ndi gemu kuno ku Joni, ine ndimasewera wing'a wakumanja, ndiye tinapeza mpira woponya kanayi pafupi ndi bokosi lawo koma kanayi konse tinalandidwa. Ndimati fulubaki wathu akautola ine ndathamangira pafupi naye, mwina mamita atatu, kuti asavutike. Pa hafu taimu kochi wathu, mdala wa ku Dedza, anangondiloza nkuti iwe mbalame ikatera pauta siilasika. Ndinavomera koma sindinamve, ndinabwera kuno ndili mwana. Mbalameyo ndi ine kapena difenda?

Achimwene a ku Turffontein: Amati siyani zapafupizo, ponyani wautali mubokosi basi. Rory Delap wa Stoke mu 2008 Arsenal inagonja 2-1 zigoli zonse zochokera m'manja mwake. Palibe ofusaidi, wina angoupalasa ndi mutu enawo amalize.

Agogo Phiri: Ayi mwambiwu siwampira ana inu. Uta ndi uja woponyera muvi. Mbalame ikatera pa uta umene uli m'manja mwako muvi uloza bwanji? Yayandikitsa. Akuluakulu ankaunena pabwalo la milandu, wolakwa akakhala mwana wako kapena mphwako, chilango chimavuta kupereka chifukwa ndi wako yemwe. Kwathu ku Ntcheu ndinkamva akuti ikakhala pauta, ena ikatera, ndi chimodzimodzi.

Wa ku Mayfair: Zikomo agogo. Ndiye kuti mdala uja amati ndine m'bale wake sangandichotse mu timu?

Mphunzitsi wa ana, Rosettenville: Ayi achimwene, anangobwereka chithunzicho. Uta ndi fulubaki wanu, mbalame ndinu. Lamulo limati mpira uchokere kumbuyo kwa mutu ndi manja onse awiri, ndiye munthu ali mamita atatu umuponyera bwanji? Ukauponya mwamphamvu umufikira pakhosi, ukaunyengerera uyenda pang'onopang'ono kapena refu aimba kuti waponya molakwika nkupatsa enawo. Komanso mukabwera pafupi mumabwera ndi difenda wanu kumsana, iye amaloledwa kuima mamita awiri okha kuchokera poponyera, ndiye anthu atatu mwadzadzana pakamalo kamodzi, laini ili pomwepo, bokosi mwalifulatira. Kulandidwa kwake nkumeneko.

Ana anga ndimawapangitsa chonchi. Wolandira ayambire patali, mamita ngati 12, athamange kaye masitepe atatu ngati akulowa mubokosi, difenda akatembenuka iye abwerere mwadzidzidzi nkulandirira pa mamita 7 kapena 8. Mpira ufike paphazi kapena pantchafu, osati pachifuwa. Asauimitse, angoubweza kamodzi kwa woponya uja yemwe walowa kale mugiraundi. Nthawi zambiri woponyayu palibe akumusunga, ndipo ndi yekhayo amene nkhope yake yaloza kugolo, ndiye krosi amamenya momasuka. Yekha sangaukhudze kawiri wina asanaugunde, nchifukwa chake pamafunika wobweza.

Difenda akazolowera nkumakutsatirani mpaka kufupi, kumbuyo kwake kwatsala malo. Sitiraika athamangire mmenemo cha ku laini yagolo, mpira umudutse difenda pamutu. Apa ndi pomwe kusowa kwa ofusaidi kumathandiza.

Koma achimwene a ku Turffontein mwalondola theka. Ofusaidi palibe kwa amene walandira kuchokera m'manja basi. Mnzanu akangoupalasa ndi mutu lamulo labwerera, amene ali kutsogolo kwa madifenda agwidwa. Ngakhale woponya uja, ngati akuponyera pafupi ndi mbendera yapakona ndipo madifenda akwera, pomubwezera akhoza kupezeka ofusaidi, abwerere mmbuyo pang'ono asanalandire.

Achimwene a ku Turffontein: Zomveka koma magiraundi timasewerapo ifewa ndi mabampu okhaokha, kubweza kamodzi mpira umadumpha. Ine bola mubokosi.

Mphunzitsi wa ana, Rosettenville: Ngati muli ndi munthu wofikitsa pa nsanamira yapafupi mpira uli wothamanga chabwino. Ambiri amauponya mokwera ngati baluni, goloboyi amangotola, kapena difenda aumenya ndi mutu inu nonse muli mubokosi, akuthawirani. Siyani anthu awiri kunja kwa bokosi odikira wobwererawo. Liverpool inachita kulemba ntchito Thomas Grønnemark mu 2018 wophunzitsa kuponya kokha, ndipo sikuti ankangowaphunzitsa wautali.

Mayi a ku Yeoville: Ine ndikuona mbalameyo ndi difenda. Wakumatirira kumsana, sungamuone, sungamudyetse chenga. Mesa ndi zomwezo?

Agogo Phiri: Woponya ndi amene wagwira uta mayi, ndiye mbalame ndi mnyamatayu. Komabe ine sindikukhutira, mwambiwu umanena za munthu amene ukufuna kumulanga koma chibale chakugwira dzanja. Apa mnyamatayu akufuna kupatsidwa mpira. Kochiyo waukoka.

Wa ku Mayfair: Ndikamufunsa Lachinayi ku tirening'i. Aphunzitsi, nanga difenda akapanda kutembenuka pa masitepe atatu aja ndipitirire kulowa mubokosi?

Mphunzitsi wa ana, Rosettenville: Eya pitirirani, mwamudutsa kale. Koma muuzeni fulubaki wanu aziyang'ana difendayo osati inu, apo ayi aponyera pomwe mwachoka.