Chotupa chopweteka kotulukira chimbudzi, ndi magazi omwe: ndi mudzi kodi?

Wobisa dzina: Akuluakulu, pepani ndi nkhani yochititsa manyazi koma ndithandizeni. Ndili ndi zaka 34. Kwa sabata ziwiri ndakhala ndikudzimbidwa, chimbudzi chouma, chotuluka ndi kukankha. Dzana kwatuluka kachotupa kolimba ngati nsawawa m'mphepete mwa potulukira chimbudzi, kukhala pampando sikukutheka. Ndikapukuta, papepala pakumakhala magazi ofiira pang'ono. Nditani kunyumba, ndipo ndi pofunika kuchipatala?

Nambewe: Pepani achimwene kapena achemwali. Mmene mwafotokozeramu zikufanana ndi mudzi wakunja umene magazi aundana mkati mwake. Pokankha, kamtsempha ka pamenepo kamatupa, magazi n'kuundana, n'chifukwa chake kalimba ndipo kamaoneka kobiriwira modera. Ululu umafika pachimake masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako umayamba kutsika, koma chotupacho chimatenga sabata ziwiri kapena kuposa kuti chiphwe. Ngati ululu ndi wosapiririka, pitani lero lomwe: m'maola 72 oyamba dokotala amatha kubaya mankhwala ochititsa dzanzi n'kuchotsa magazi oundanawo. Masikuwo akadutsa, nthawi zambiri amangosiya kuti aphwe okha.

Ndiyankheni izi: mukutentha thupi? Ululuwo ukugunda ngati mtima ngakhale mutagona, ndipo ukukulirakulira? Pali mafinya?

Wobisa dzina: Thupi silikutentha, mafinya palibe. Koma pochita chimbudzi pamawawa ngati akundicheka, ndipo pamayaka mpaka ola lathunthu.

Nambewe: Kuchekako n'chizindikiro china. Chimbudzi chouma chimang'amba khungu la mkati mwa potulukira, ndipo magazi a papepalawo mwina akuchokera pamenepo osati pachotupa. Ziwirizi zimabwera limodzi kawirikawiri. Vuto lake, munthu amayamba kuopa kuchimbudzi, amasunga, chimbudzi chimaumiratu, bala limang'ambikanso. Ndiye ntchito yaikulu ndi kufewetsa chimbudzi, mafuta opaka ndi ongothandizira.

Kufamase funsani lakitulozi, imwani mamililita 15 m'mawa ndi madzulo. Amatenga mpaka masiku awiri kuti agwire ntchito, musafulumire kunena kuti ndi wabodza, ndipo amadzaza mpweya m'mimba poyamba. Madzi akwane malita awiri patsiku. Pa ululu, panado mapiritsi awiri a mamiligalamu 500 pakatha maola 6 alionse, osapitirira 8 patsiku. Tramado ndi mankhwala okhala ndi kodini musayerekeze, amamanga m'mimba kwambiri. Asipulini amawonjezera kutaya magazi.

Bambo a Tadala: Beseni la madzi otentha ndi mchere wambiri, mukhalemo. Mawa lomwe chaphwa chimenecho.

Nachisale: Beseni ndi loona bambo, koma madzi ofunda oti chigongono chipirire, osati otentha. Mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku, makamaka mukangochoka kuchimbudzi, chifukwa amamasula mnofu umene umakungika pamenepo n'kumayakitsa. Mchere wambiri pabala ndi kudzizunza chabe, ndipo mawa sichiphwa.

Ine ndikankhire pa chakudya. Siyani kaye nsima ya ufa woyera ndi buledi woyera, dyani mgaiwa, nyemba, nkhwani, bonongwe, mbatata ndi papaya wakupsa. Onjezerani pang'onopang'ono ndi madzi ambiri, apo ayi mimba ifufuma. Chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo, osakhalitsa kupitirira mphindi 5, foni isiyeni panja. Ngati ndi chokhalira, pondani kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Tawasani ndi madzi, osapukuta ndi nyuzi. Mafuta a mudzi ena ali ndi mankhwala opyapyalitsa khungu, musapake kupitirira masiku 7.

Che Jafali: Kwathu agogo amamanga ndi ulusi kuti chiume chigwe. Pajatu ndi njerewere zomwe zija?

Nambewe: Ayi Che Jafali, njerewere ndi zina, ndipo musamange kapena kucheka ndi lezala. Pamenepo pali mitsempha yambiri ya magazi ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Kumanga ndi timphira kumene amachita kuchipatala ndi kwa mudzi wamkati, kumtunda kumene kulibe mitsempha yomva ululu, osati wakunja.

Wofunsa, izi zikachitika musadikire kuche: kutentha thupi ndi chotupa chotentha chogunda, chifukwa chimenecho ndi chithupsa chofunika kuboola, mapiritsi okha sachithetsa, magazi ochuluka kapena zibuma, chizungulire, nyama yotuluka yosabwerera mkati ikuda, chimbudzi chakuda bii chonunkha kwambiri, mimba kutupa, kusanza, mpweya osatuluka. Kupatula apo, ngati pakatha masiku 7 magazi akadali kuoneka, kapena asakanikirana ndi chimbudzi, kapena mukuonda, kaonekeni. Amayang'ana kunja, n'kupima ndi chala atavala gulovu, ngati pakupweteka kwambiri auzeni. Mudzi ukhoza kukhalapo pamodzi ndi matenda ena a m'matumbo, n'chifukwa chake wopitirira zaka 40 sitimulola kungodzigamula yekha.

Nachisale: Apa ine ndi a Nambewe tisiyana pang'ono. Magazi oyamba kuoneka ine ndimati akapimidwe sabata yomweyo, kaya zaka 34 kaya 60. Komanso ngati mumasamba kunyanja kapena kumtsinje mukatchule, likodzo la m'matumbo nalo limatulutsa magazi.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Ndinaiwala kunena kuti ndikumwa mapiritsi owonjezera magazi, ndili ndi pakati pa miyezi 6. Lakituloziyo ndimwebe?

Nambewe: Mukananena poyamba mayi! Mapiritsi amenewo amadzimbitsa ndi kudetsa chimbudzi, komanso pakati pamapanikiza mitsempha ya kumunsi. Lakitulozi amaperekedwa kwa oyembekezera, panadonso ali bwino, koma burufeni ayi. Owonjezera magaziwo musasiye panokha, ndipo mafuta opaka musagule kaye. Pitani kusikelo mawa, osadikira tsiku lanu, akakuoneni ndi kuyeza kuchuluka kwa magazi.