Katoni ya matchaja ku labu ya sukulu yathu: tigule mabokosi kapena tiyambe kulemba?

Mlembi (aNabanda): Mwaswera bwanji nonse a kwathu ku Nkhotakota. Makompyuta aja tinasonkhera mayendedwe ake anafika pa sukulu ndipo ana ayamba kuphunzirira. Koma aphunzitsi a ku labu akuti rauta yapsa, ndiye akupempha kuti tiwagulire ina pamodzi ndi mabokosi apulasitiki osungiramo nthambo. Tisanatulutse ndalama, aphunzitsi tafotokozani nokha.

Aphunzitsi aMwale: Zikomo amayi. Tili ndi malaputopu 14: a Dell 8, a HP 4, a Toshiba 2. Makompyuta a patebulo alipo 10. Matchaja onse, ma adaputa a rauta ndi swichi ya netiweki, ndi nthambo za mamonita zinabwera m'katoni imodzi. Lachiwiri titasesa, mwana wina wa Fomu 3 analumikizanso rauta, inangoti thii, kafungo ka kupsa, basi osayakanso.

aChisale: Aphunzitsi, tchaja imene inali pa rautayo mukadali nayo? Itembenuzeni, pa chikalata chakumsana fufuzani mzere wolembedwa OUTPUT, osati INPUT. Kenaka muone pansi pa rauta, pali V ingati, ndiwo mavoti a magetsi amene imafuna.

Aphunzitsi aMwale: Pa tchaja palembedwa OUTPUT 19V 3.42A. Pansi pa rauta palembedwa 12V 1A.

aChisale: Ndiye mlandu watha, mwanayo musamukalipire. Imeneyo ndi tchaja ya Toshiba. Kamutu kake ndi kozungulira, mamilimita 5.5 kunja ndi 2.5 pa bowo la mkati. Marauta ambiri a 12V amalandira kamutu ka 5.5 kunja ndi 2.1 mkati. Kunja n'kofanana, ndipo poti bowo la 2.5 ndi lalikulupo, limalowa bwinobwino pa kamsomali ka rauta. Ndi maso simungasiyanitse. Rauta yofuna 12 inamwetsedwa 19.

Mabokosi okha sathetsa zimenezi. Mukagula mabokosi mawa, matchaja akuda ofanana aja adzangochoka m'katoni n'kukagona m'bokosi lokongola, rauta yatsopano n'kupsanso. Choyamba ndi kulemba, ndipo polemba mutsate nambala ya V, osati maonekedwe a kamutu.

Msungichuma (aKamanga): Ine ndimadziwa kuti manambala onse awiri, V ndi A, ayenera kufanana ndendende ndi a pa chipangizo. Ndiye tchaja iliyonse imangidwe ku kompyuta yake basi, nkhani yatha.

aChisale: Pa V mwalasa achimwene, pa A ayi. V ifanane. A ya pa tchaja, yomwe ndi kuchuluka kwa magetsi amene ingathe kupereka, ikhoza kuposa imene chipangizo chikufuna, chifukwa chipangizo chimakoka mlingo wake wokha. Rauta ya 12V 1A mukhoza kuipatsa adaputa ya 12V 2A popanda vuto. Choipa ndi kuipatsa yochepa, monga 12V 0.5A: imayaka, koma ana akachuluka pa netiweki imazima n'kuyambanso yokha, adaputa n'kumatentha. Anthu amati rauta yafa pamene vuto ndi adaputa.

Chachitatu choona ndi kachizindikiro ka + ndi − kojambulidwa pafupi ndi OUTPUT, kali ngati kamwezi kokhala ndi dontho pakati. Zipangizo zambiri zimafuna + pakati. Yosiyana ndi zimenezi muiike payokha, musaisakanize ngakhale V ikufanana.

aSaidi: Nkhani yolemba ndikugwirizana nayo kwambiri. Alembe dzina la sukulu ndi penti, zilembo zikuluzikulu, chifukwa matchaja amenewa akasowa timakawapeza akugulitsidwa pa msika pa boma.

Mlembi (aNabanda): Amalume, tikukamba zolemba kuti zisasokonezeke polumikiza. Za akuba ndi mutu wina, ngakhale nawonso ndi woona.

aSaidi: Chabwino, koma penti ndapereka ine.

aChisale: Pentiyo tiigwiritsa ntchito, amalume, dikirani. Aphunzitsi, patulani Loweruka limodzi ndi ana anayi odekha. Zonse zikhale zozula ku magetsi. Yalani matchaja pa tebulo, mwana mmodzi aziwerenga OUTPUT mokweza, wina azilemba m'kope. Muwaike milu itatu: a 18.5V mpaka 20V, omwe ndi a malaputopu, a 12V, ndi ang'onoang'ono a 9V ndi 5V. Tchaja imene chikalata chake chinafufutika isalowe mulu uliwonse, ikhale m'jumbo yakeyake mpaka itayezedwa ndi mita yoyezera magetsi.

Mukatero perekani nambala kwa laputopu iliyonse, L01 mpaka L14, ndipo tchaja yake ilembedwe chonchi:

```
L03  DELL  19.5V 3.34A
RAUTA  12V 1A  (+) pakati
```

Mulembe pawiri. Pa thupi la tchaja, mbali yopanda chikalata cha ku fakitale, chifukwa chikalatacho musachiphimbe. Ndi pa nthambo, zala zitatu kuchokera pa kamutu. Apa ndiye pofunika kwambiri, pakuti mwana akamalumikiza amagwira kamutu, pamene thupi la tchaja lili pansi pa tebulo komwe sakuliona. Dulani kapepala kotalika ngati chala, lembani mbali zonse ziwiri, kakulungeni pa nthambo ngati kambendera, kenaka mukute konse ndi selotepi yoonekera mkati kuti thukuta la m'manja lisafufute inki.

Aphunzitsi aMwale: Nanga a Dell ndi a HP? Timitu tawo tikufanana, ndipo onse alembedwa 19.5V. Ndimangotenga iliyonse. Koma L05 masiku ano ikumalemba uthenga poyaka ndipo batire silikudzadza.

aChisale: Uthengawo ukuyamba ndi mawu awa?

```
The AC power adapter wattage and type cannot be determined
```

Aphunzitsi aMwale: Eya, omwewo.

aChisale: Suzumirani m'kamutu ka tchajayo, muona kasingano kowonda pakati. Kasingano kameneko sikanyamula magetsi odyetsa makina, ntchito yake ndi kuuza laputopu kuti tchaja ndi ya mtundu wanji, ya mawati angati. Dell ndi HP onse ali ndi timitu ta mamilimita 7.4 ndi tina tating'ono ta 4.5, koma kasinganoko kamalankhula mosiyana. Mukaika ya HP pa Dell, kawirikawiri makina amayaka, koma sadzadza batire ndipo amayenda mwaulesi. Uthenga womwewo umabweranso ngati tchaja ndi ya Dell yeniyeni koma kasingano kanapindika kapena waya wake unaduka mkati. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani tchaja ya Dell imene ikudzadza bwino pa laputopu ina, muike pa L05. Uthenga ukachoka, vuto linali tchaja. Ukakhalapobe, ndi pa bowo la laputopu, imeneyo ndi ya amisiri. N'chifukwa chake pa kambendera ndaikapo dzina la kampani, V yokha apa sikukwanira.

aJuma (wa zamagetsi ku Dwangwa): Bwana Chisale, zonse mwanenazi ndi zoona, koma mukulankhula ngati muli mu ofesi yozizira ku Lilongwe. Kuno Okutobala ndi Novembala, m'kalasi ya malata yopanda siling'i, selotepi imamatuka yokha, ulimbo wake n'kutsala ukunanda fumbi. Tepi wa magetsi wamitundu naye chimodzimodzi. Ndipo ana sawerenga tizilembo, amaona mtundu. Ine ndikanati kyutekisi kapena penti ya amalumeyo: kadontho kofiira pa pulasitiki ya kamutu ka tchaja iliyonse ya laputopu, kachikasu pa za 12V, kobiriwira pa za 9V. Dontho lomwelo mulipakenso pa chipangizo, pambali pa bowo lake. Lamulo kwa ana likhale limodzi, chikasu ku chikasu. Penti isakhudze chitsulo cha kamutu.

aChisale: Mtundu ndavomera, ndipo zopaka pa bowo la chipangizo ndi nzeru imene sindinaiganize. Koma chofiira sichikuuzani kuti iyi ndi Dell kapena HP, ndiye kambendera kakhalepobe. Ndipo za 5V muzipatse mtundu wakewake, zisabisale m'gulu la 9V.

aJuma: Kakhalepo, koma azikaona kumayambiriro kwa teremu iliyonse. Ine ndikuti sikafika Khirisimasi.

Msungichuma (aKamanga): Nanga kamakina kosindikiza timapepala tomata kaja? Tikagula kamodzi si ndiye tathana nazo?

aJuma: Kamakinako n'kabwino, koma tepi yake ikatha mukaigula kuti? Ulendo wa ku Lilongwe kapena kutumiza munthu. Pentomaka ndi selotepi zili m'golosale iliyonse pa M5.

Pali china chimene sitinakhudze, nthambo zolowa ku khoma. Ma soketi athu ndi a mabowo atatu amakona, magetsi 230V. Zipangizo zopatsidwa zimabwera ndi mapulagi a mano awiri ozungulira kapena a ku Amereka, ndiye ana amatokosa bowo la pamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni kuti pulagi ilowe. Zimenezo zichoke mu labu, zisinthidwe ndi za mano atatu zokhala ndi fyuzi. Kumbali yolowa m'chipangizo ziliko za mitundu itatu: yaikulu ya mabowo atatu, yonga ya ketulo, ya makompyuta a patebulo ndi mamonita, ya mabowo atatu ozungulira ogundana, yolowa m'matchaja a malaputopu, ndi ya mabowo awiri yooneka ngati 8. Izi zilibe V yoti musokoneze, ingozipatulani milu itatu. Koma aphunzitsi, zungulirani kumbuyo kwa makompyuta 10 aja. Ena akale ali ndi kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kakhale pa 230, ndipo mukamate kuti chala cha mwana chisakasunthe, chifukwa pa 115 bokosi la magetsi limaphulika nthawi yomweyo.

Aphunzitsi aMwale: Ndaona, atatu ali nako, onse ali pa 230. Za mamonita ndazipatula kale, zabuluu za VGA pazokha, za HDMI pazokha. Koma ziwiri zikukana kulowa pa pulojekita.

aChisale: Onani kamwa yake. HDMI ndi yosongoka ngodya ziwiri zapansi mofanana. Ikakhala yodulidwa ngodya imodzi yokha, nthawi zambiri yokhala ndi kobanikiza potulutsa, imeneyo ndi DisplayPort, musaikakamize. Kaadaputa kosintha HDMI kupita ku VGA kajambuleni muvi, chifukwa kamagwira mbali imodzi: kuchoka ku laputopu ya HDMI kupita ku monita ya VGA, osati mobwerera.

Posunga, musakulunge nthambo molimba pa thupi la tchaja, imadukira mkati pamene imatulukira paja. Pindani mozungulira kukula ngati mbale ya ndiwo, mumange ndi kansalu. Timphira timasungunuka ndi kutentha n'kumatirira.

Msungichuma (aKamanga): Ndiye mabokosi tigule kapena ayi? Ndikufuna yankho ndilembe.

aJuma: Mabigiri okhala ndi zivindikiro akwana, asanu kapena asanu ndi limodzi. Katoni iitana mphemvu ndi makoswe, komanso chinyontho cha kunyanja kuno chimachititsa dzimbiri pa timano ta VGA.

aChisale: Ine ndikanakonda misomali pa thabwa kukhoma, msomali uliwonse ndi nambala yake, kuti tchaja ikasowa muone pompo kuti L09 palibe. M'bigiri simungadziwe mpaka mutakhuthula.

aSaidi: Kukhoma? Pafupi ndi windo lija lopanda zitsulo?

Mlembi (aNabanda): Za bigiri ndi thabwa tidzavota Lamulungu. Rauta tigula, koma aKamanga musatumize ndalama mpaka aphunzitsi atatumiza chithunzi cha kope lija ndi matchaja atapakidwa mitundu. Aphunzitsi, adaputa yeniyeni ya rauta yakale mwaipeza?

Aphunzitsi aMwale: Ndaipeza pansi pa katoni, 12V 1A. Matchaja a malaputopu ndawerenga 13, ina ya HP palibe.