Zowonjezera pa funso la malata okhalitsa m'sitolo

"Malata 200 akhala miyezi 14 osagulidwa. Ndiwalembe pa mtengo uti m'mabuku?"

Tsopano mwawawerenga ndipo mwapeza kuti 60 achita dzimbiri m'mphepete, ndiye musawaphatikize ndi enawo. Lamulo la IAS 2, lokhudza kalembedwe ka katundu wogulitsa m'mabuku a ndalama, limati katundu alembedwe pa mtengo wotsika pakati pa umene munagulira ndi ndalama imene ingatsale m'manja mukagulitsa.

Lata lililonse munagula K18,000, kuphatikizapo thiransipoti yobweretsera. Abwinowo, 140, akugulidwabe pa K21,000, choncho akhale pa K18,000. Adzimbiriwo munthu angapereke K15,000, koma muchotsepo K1,500 ya penti ndi K500 yokaperekera kwa wogula. Patsala K13,000. Kusiyana kwake ndi K18,000 ija ndi K5,000 pa lata, ndiye pa malata 60 aja, K300,000 ilembedwe ngati ndalama yotayika chaka chomwechi.

Chonde, K15,000 imeneyo isachokere m'mutu. Onani malisiti a malata otere amene mwagulitsa chaka chitangotha. Kukhalitsa pakokha sikutsitsa mtengo, kumangokuuzani katundu woyenera kumuyang'anitsitsa. Poyesa nthawi imene katundu wakhala, tengani tsiku limene munagulitsa komaliza, chifukwa kusamutsa katundu kupita kunthambi ina kungathe kumuonetsa ngati watsopano m'kompyuta.