Za kontirakiti ya nandolo ija: tasankha abitireshoni

Ndinafunsa kuti: "Ndikugulitsa nandolo kwa kampani ya ku Beira. Tikadzasemphana, mlandu upite kukhoti kapena ku abitireshoni?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Tasainirana sabata yatha, ndipo tasankha abitireshoni, njira imene mlandu umaweruzidwa kunja kwa khoti ndi munthu amene mbali zonse zagwirizana.

Chimene chinanditembenuza mtima ndi funso la loya wanga: mukawina, ndalama mukazitenga kuti? Katundu yense wa ogulawo ali ku Mozambique. Chigamulo cha khoti la ku Blantyre sichingagwire katunduyo pachokha. Koma chigamulo cha abitireshoni chimayenda ndi Pangano la New York la 1958, lakuti mayiko azilemekeza zigamulo za abitireshoni zochokera kunja, limene Malawi analowamo mu 2021, Mozambique ali kale momwemo. Ndikapereka kukhoti la kumeneko chigamulocho ndi pangano lathu la abitireshoni, zomasuliridwa m'Chipwitikizi movomerezeka, ndipo khotilo siliyambanso kuzenga mlandu wonse.

Likhoza kukana ndithu, makamaka ngati mbali inayo sinadziwitsidwe bwino za mlanduwo. N'chifukwa chake tinalemba momveka adiresi ndi imelo zolandirira zidziwitso. Kanthu kakang'ono, koma kakhoza kugwetsa chigamulo chonse.

Tinakanganako za malo. Iwo ankafuna Maputo, ine Lilongwe, mapeto ake tinagwirizana Johannesburg, mlandu m'Chingerezi. Woweruza ndi mmodzi, osati atatu, chifukwa amalipidwa ndi ife eni mlandu.

Chimene chikundivutabe mumtima ndi apilo. Woweruzayo akalakwitsa pounika umboni, palibe kokadandaula, choncho ziphaso za kulemera ndi chinyontho cha nandolo ndikuzisunga pa lole iliyonse.