Ana anga akusandutsa jogingi ya Lolemba kukhala mpikisano, ndiwagwire bwanji?

Kochi wa ku Zomba:
Akochi anzanga ndithandizeni, ine mutu waima. Ndili ndi mnyamata wa zaka 19, makilomita 10 amathamanga 36:00, ndiye kuti 3:36 pa kilomita. Pulogalamu yathu ndi ya masiku onse ija, Lolemba jogingi makilomita 10, Lachiwiri maintavo, Lachitatu jogingi, Lachinayi tempo, Loweruka wautali. Vuto ndi jogingiyo. Ndikawauza kuti lero mofewa, kilomita yoyamba amamvera, yachitatu ali pa 4:10, pobwerera 4:00, akufika akupikisana kuti alowe pageti ndani. Ndiye Lachiwiri lapitali 6 × 1000, yoyamba 3:24, yachiwiri 3:27, yachinayi 3:41, yachisanu waima wagwira m'mawondo. Masabata atatu tsopano zili choncho. Mtima wake m'mawa unkagunda 52, pano 59, 60. Ndikamufunsa akuti "jogingi ndikuimva bwinobwino akochi". Mawotchi a mtima tilibe, tili ndi sitopuwotchi imodzi. Ndipange bwanji?

Madala a ku Mzuzu:
Mwana akufuna kuthamanga, inu mukufuna kumumanga miyendo? Ife nthawi yathu kunalibe zoti mofewa. Ukazolowetsa thupi kuyenda ngati ukupita kumaliro, pa mpikisano lidzayendanso choncho. Musiyeni akhwime. Kutopa kwa masabata atatu si matenda.

Mayi kochi wa ku Lilongwe:
Achimwene a ku Zomba, manambala mwalembawo ayankha kale. Munthu wa 3:36 akamathamanga 4:05, kusiyana ndi masekondi pafupifupi 30 okha. Imeneyo si jogingi, yayandikira liwiro lake la marathoni. Ndiye pa sabata sakuchita masiku olimba awiri, akuchita anayi, osawerengera wautali wa Loweruka. Lachiwiri akulipira ngongole ya Lolemba. Ine wa msinkhu umenewo ndimamuika pakati pa 4:40 ndi 5:10, tsiku lotsatira maintavo ngakhale 5:20.

Musamufunsenso kuti ukumva bwanji, mwana aliyense amati bwino. Mulankhulitseni ali mkati mothamanga. Munthu akamalankhula amatulutsa mpweya pang'onopang'ono, nthawi yaitali. Thupi likakhala pa ntchito yopepuka limalola zimenezo. Liwiro likakwera kufika poti lakiteti wayamba kuchuluka m'magazi, thupi limafuna kutaya mpweya woipa msangamsanga, kupuma kumafulumira, ndiye chiganizo chimaduka pakati. Pamene mawu ayamba kuduka ndi pamene jogingi yathera.

Kochi wa ku Zomba:
Amayi, amalankhula ndithu. Ndikamawatsatira pa njinga ndimawafunsa, amayankha.

Mayi kochi wa ku Lilongwe:
Amayankha chiyani? "Eya." "Zili bho." Mawu awiri munthu amawatulutsa ngakhale ali pa tempo. Pamafunika chinthu chachitali, cha masekondi 15 kapena 20, chomwechomwecho nthawi zonse.

Chitani izi kamodzi, tsiku loti wapuma bwino, pa bwalo la mamita 400, sitopuwotchi yanuyo ikwana. Atenthetse thupi mphindi 10. Kenako maulendo awiriawiri osaima: oyamba 2:08 pa ulendo, ndiye 5:20 pa kilomita. Otsatira 2:00, ndiye 5:00. Kenako 1:52, kenako 1:44, kenako 1:36 yomwe ndi 4:00. Pa mamita 100 omaliza a ulendo wachiwiri uliwonse, muthamange pambali pake anene mokweza Atate Athu mpaka pakati. Inu mvetserani pomwe akupumira. Akamapuma pamene chiganizo chatha, ngati ali kutchalitchi, ali bwino. Akayamba kupuma pakati pa mawu oyenera kuyendera limodzi, kapena kuwathamangitsa kuti amalize mpweya usanamuthere, wafika pamalire. Akamatulutsa mawu atatu anayi n'kumeza mpweya, wadutsa kalekale. Jogingi yake ikhale pa sitepe ya m'munsi mwa pamene anayamba kuduka, kapena kutsikirapo. Ndikuganiza kuti wanuyo pa 1:52 akhala bwino, pa 1:44 muyamba kumva kusintha. Ubwino wake amadzimva yekha, simukanganso naye.

Mphunzitsi wa zamasewero, Machinga:
Kwathu kuno ana ambiri ndi Asilamu, pempherolo sindingawauze. Ndimawauza atchule masiku a sabata Lolemba mpaka Lamulungu, kenako miyezi Januwale mpaka Juni. Koma samalani, ana ndi ochenjera. Akadziwa kuti mukubwera kudzayesa amakoka mpweya wambiri n'kulakatula zonse kamodzi ngati wailesi. Mvetserani masekondi 10 otsatira akamaliza. Ngati akupuma ngati watuluka m'madzi, wakunamizani.

Madala a ku Mzuzu:
Tsopano tereningi yasanduka Sande sukulu? Ndikubwerezanso, liwiro limabwera ndi liwiro. Anyamata a ku Mulanje amene amapambana mpikisano wa mapotala aja ndani anawauza kuti azilakatula? Amangokwera phiri basi.

Mnyamata wa mawotchi, Blantyre:
Bwana a ku Zomba, zolankhulazi n'zongoganizira. Bwerekani wotchi sabata imodzi. 220 − 19 = 201. Mutenge 75 pa 100 iliyonse, ikubwera 151. Asadutse 151, nkhani yatha. Wotchi ikamalemba Zone 2 ndiye kuti ali bwino. Ine makasitomala anga onse ndimawayendetsa choncho.

Mayi kochi wa ku Lilongwe:
75 yo sindikukana, ili m'dera lake. Vuto ndi 201. Samu ya 220 ija ndi ya gulu la anthu, pa munthu mmodzi imaphonya ndi 10 kapena kuposa, kumwamba kapena pansi. Ngati mtima wa mnyamatayu umathera pa 190, 151 yanuyo ndi pafupifupi 80 pa 100, mwamuika kale pamphepete. Ndipo mawotchi apamkono aja nthawi zina amasiya mtima n'kuyamba kuwerenga masitepe. Mtsikana wanga wina wotchi inkalemba 172 akundifotokozera nkhani yonse ya ukwati wa mchemwali wake osapumira. Lamba wa pachifuwa ndiye ndimamukhulupirirako.

Mnyamata wa mawotchi, Blantyre:
Zowerenga masitepe zimachitika wotchi ikakhala yokhwepa, imangeni bwino pamwamba pa kafupa. Komabe nambala ndi nambala amayi, khutu la kochi limasiyana lero ndi mawa.

Kochi wa asilikali opuma:
Ine ndinapsa nazo izi. Ndinkathamangitsa gulu la anthu 14 tikuimba, monga tinkachitira ku ntchito. Ndinkati bola akuimba ndiye kuti sakuvutika. Koma nyimbo zathu n'zoyankhizana, wotsogolera aimba, gulu lipuma, gulu liyankha mawu atatu, lipumanso. Munali mtsikana wina wa 48:00 pa makilomita 10, ndiye 4:48, gulu likuyenda 5:00. Anyamata kwa iwo kunali kuyenda chabe, iye anali pa tempo masiku asanu pa sabata, akuyankha nyimbo bwinobwino. Mwezi wachiwiri anayamba kudandaula msongolo, ine n'kumati nsapato. Kenako ululu unakhazikika malo amodzi, ukakhudza ndi chala amalumpha. Kuchipatala anati fupa layamba kung'aluka. Anakhala miyezi iwiri osathamanga, ndipo sanabwererenso. Mpaka lero zimandipweteka. Mapapo amazolowera msanga, mafupa ndi mitsempha zimachedwa. Muyese mmodzimmodzi, makamaka wa kumbuyo, chifukwa ndi amene sadzanena.

Mlongo wa ku Mangochi:
Pepani ndalowa mochedwa. Ngati vuto ndi kulankhula pa maintavo, ine ndimaletseratu. Akamacheza pa 1000 ndiye kuti sakulimbikira. Muwalande mafoni, muwasiyanitse masekondi 10.

Mphunzitsi wa zamasewero, Machinga:
Achemwali, nkhani ndi ya Lolemba, osati Lachiwiri. Koma poti muli ku Mangochi tiuzeni za kutentha.

Mlongo wa ku Mangochi:
Aa, ndamva tsopano. Kuno Okutobala pesi ya Julayi imaiwalika. Amene ankacheza momasuka pa 5:00 m'nyengo yozizira, pano pa 5:00 yomweyo pakatha mphindi 30 mawu ayamba kuduka, poti magazi ambiri akupita kukhungu kukaziziritsa thupi. Ndiye zoyesa pa bwalo zija musazilembe pa khoma ngati lamulo. Ife timayamba 5 koloko m'mawa, ndipo ndimayesa kawiri, pa mphindi 15 ndi pa 40. Ya pa 40 ndiyo imanena zoona. Inunso a ku Zomba muli ndi zitunda, pokwera asiye za wotchi, afupikitse sitepe mpaka mawu abwerere.

Chinanso, 52 kufika 60 ija musangoti ndi jogingi. Kayezetseni malungo ndi magazi. Wanga wina ankalephera kulankhula pa pesi yomwe ankaiseweretsa, ife n'kumachepetsa makilomita mwezi wathunthu, kumapeto anamupeza magazi ochepa.

Madala a ku Mzuzu:
Apo ndiye mwanena. Mwana akudya chiyani? Tiyi wopanda kanthu m'mawa ndiye mukuti vuto ndi 4:05. Mpatseni nsima akhute, musamuchepetsere liwiro. Aku Kenya sathamanga ngati nkhalamba.

Mayi kochi wa ku Lilongwe:
Za chakudya ndagwirizana nanu madala. Za ku Kenya ayi. Kipchoge ku Berlin mu 2022 anathamanga 2:01:09, ndiye 2:52 pa kilomita. Jogingi za gulu lake ku Kaptagat zimayambira cha m'ma 5:00, mphindi ziwiri zathunthu kumbuyo kwa liwiro lake la mpikisano. Mnyamata wa ku Zombayu akusiya masekondi 30 okha. Liwiro limabweradi ndi liwiro, ndi chifukwa chake ndikufuna 3:24 ija aibwereze kasanu ndi kamodzi Lachiwiri, osati kawiri. Ntchito ya jogingi ndi ina, kukulitsa timitsempha ta magazi m'minofu ndi kuunjika makilomita osathyoka, ndipo imeneyo imagwirika bwinobwino pa 4:50.

Madala a ku Mzuzu:
Kipchoge ali ndi makilomita 200 pa sabata, akhoza kusewera. Mwana wa makilomita 60 akamayenda 5:00 apindula chiyani? Ine sindinasinthe maganizo.

Kochi wa asilikali opuma:
Pamenepo madala ali ndi kamfundo, wa makilomita ochepa amathamanga katatu pa sabata sindimamuvutitsa kwambiri, ali ndi masiku opuma. Koma uyu akuthamanga kasanu ndipo maintavo akugwa.

Kochi wa ku Zomba:
Malungo tikayezetsa mawa. Koma funso langa lenileni likadalipo, ndikawasiya okha amapikisanabe. Sindingakhale pa njinga tsiku lililonse, ndimalowa ntchito 7 koloko.

Mphunzitsi wa zamasewero, Machinga:
Ikani wochedwa kutsogolo, womudutsa abwerere kunyumba. Kapena muwauze mphindi 50 m'malo mwa makilomita 10, wothamangitsa samaliza msanga. Kwa ine zinagwira masabata awiri, kenako anayamba kupikisana kuti wafika patali ndani.

Mnyamata wa mawotchi, Blantyre:
Ndili ndi lamba wa pachifuwa mmodzi wosagwiritsa ntchito, batire yokha ndiyo yatha. Alipo akupita ku Zomba sabata ino?

Mlongo wa ku Mangochi:
Ine ndidutsa Lachisanu koma ndikwerera ku Limbe. A ku Mulanje ali muno? Ndikufuna kufunsa za malo ogona ana 6.